Malupanga 7 agwera pa malo a "chimene sindikuchiona": kodi ndimufunse?

Tadala:
Moni nonse. Ndikupempha maso anu pa makadi amene ndinayala usiku wathawu, chifukwa ndikudziwa kuti pandekha sindikuwerenga bwino. Ndili pa chibwenzi kwa zaka ziwiri. Wachikondi wangayo ali ndi mnzake wamkazi amene anadziwana naye ali kusukulu, ine ndisanabwere n'komwe. Amaimbirana foni pafupifupi tsiku lililonse, ndipo akakumana amaseka nkhani zakale zimene ine sindizidziwa mutu wake. Mtsikanayo sanandilakwirepo chilichonse, amandipatsa moni mwaulemu, koma dzina lake likangowala pa foni mtima wanga umachita thii.

Funso langa linali lakuti, "Kodi pakati pa awiriwa pakuchitika chiyani?" Ndinayala makadi asanu a taroti, malo ake ndinalemba ndekha. Pa malo oyamba, mmene ndilili panopa, panagwa Malupanga 9. Pa malo achiwiri, chimene chikuutsa nsanje, Zikho 3. Pa malo achitatu, chimene sindikuchiona, Malupanga 7. Pa malo achinayi, chimene ndikuopa, Makobidi 5. Pa malo achisanu, chimene ndichite, Mfumukazi ya Malupanga. Palibe limene linatuluka mozondoka. Nditaona Malupanga 7 ndinatola khadi lina kuti lindifotokozere, ndipo panatuluka Mwezi.

Ine ndikuona munthu wachitatu, wakuba, kenako chinyengo, kenako mkazi wagwira lupanga. Mawa tikumana madzulo. Kodi ndimufunse mosapita m'mbali?

Limbani:
Pepani achemwali, koma apa sipafunika katswiri. Zikho 3 pa nkhani ya chikondi ndi munthu wachitatu, Malupanga 7 ndi kuzembera, Mwezi ndi zobisika. Makadi atatu akunena chinthu chimodzi. Utsi sufuka popanda moto. Mfumukaziyo ikukuuzani kuti mudule.

Mayi Nasimango:
A Limbani, tiyeni tisathamange, munthuyu akukakumana ndi mnzake mawa ndipo zimene tilembe pano apita nazo.

A Tadala, ndiyambire pamene panasokonekera, ndipo si pa khadi lililonse ayi, ndi pakati pa funso lanu ndi malo amene munalemba. Funso likunena za anthu awiri amene sanalipo pamene mumayala. Koma werenganinso malo asanuwo: mmene ndilili, chimene chikundiutsira nsanje, chimene sindikuchiona, chimene ndikuopa, chimene ndichite. Onse asanu mwini wake ndinu. Palibe malo amene munawalemba kuti "zimene iye akuchita". Ndiye Malupanga 7 atatuluka, munawachotsa pa malo anu n'kukawaika m'manja mwa wachikondi wanu, chifukwa ndi kumene mantha anu amafuna kuti akhale. Ndaona zimenezi kambirimbiri kwa anthu amene ndawawerengera, ndipo munthu sazindikira kuti wasuntha khadi.

Tsopano yang'anani chithunzicho. Ndikuganiza kuti muli ndi makadi aja a Waite amene anajambula Pamela Colman Smith, otuluka mu 1909, chifukwa ndi amene ambirife tili nawo. Pa Malupanga 7, kutsogolo kwa chithunzi, pali munthu mmodzi yekha. Wanyamula malupanga asanu, awiri wawasiya ali chozikika pansi, akuyenda monyang'ama kuchoka pa mahema, nkhope atatembenuzira kumbuyo. Palibe mkazi, palibe awiri okumbatirana. Chimene chajambulidwa ndi munthu amene akutenga chinthu mozemba m'malo mopempha poyera. Chithunzicho sichikunena kuti munthuyo ndani.

Ndiye ndikufunseni, ndipo simukukakamizidwa kuyankha pagulu: pa nkhani imeneyi, kodi pali chimene inuyo mukuchita mobisa?

Tadala:
Inde ndi makadi omwewo. Funso lanu landikhalitsa chete kwa kanthawi amayi. Ndinene zoona. Kwa miyezi itatu tsopano, akasiya foni n'kutuluka, ndimatsegula n'kuwerenga mameseji awo. Pasiwedi ndinaiona akulemba, iye sadziwa kuti ndimaidziwa. Sindinapezemo chilichonse cha chikondi. Amakambirana za ntchito, za mayi ake a mtsikanayo amene akudwala, ndi nthabwala zawo. Koma ndikamaliza kuwerenga mtima sukhala pansi, ndimangoganiza kuti mwina anafufuta zina.

Mayi Nasimango:
Zikomo ponena, si zophweka. Ndiye taonani mmene mzere wonse ukuwerengekera mukausiya pa malo amene munaupatsa.

Malupanga 9 ndi munthu wakhala tsonga pabedi usiku, nkhope ili m'manja, malupanga asanu ndi anayi ali mopingasa kumbuyo kwake pa mdima. Palibe limene lamubaya. Khadi limeneli limanena za maganizo amene amazungulira munthu tulo titasowa, ndipo mwafotokoza nokha kuti ndi mmene mulili. Zikho 3 ndi akazi atatu akuvina atakweza zikho, bwalo lawo latsekeka. Pa malo a chimene chikuutsa nsanje, ine ndikuwerenga ndendende zimene munalemba poyamba paja: amaseka nkhani zimene inu simuzidziwa mutu wake. Chikukupwetekani ndi bwalo limene muli kunja kwake. Makobidi 5 pa malo a mantha akubwereza zomwezo mwamphamvu: anthu awiri osauka akuyenda pa chisanu, wina ali ndi ndodo zoyendera, akudutsa pansi pa zenera lowala la tchalitchi. Mkati muli kutentha, iwo ali panja. Makadi awiri, lachiwiri ndi lachinayi, akukamba za kusiyidwa kunja, ndipo pakati pawo pali Malupanga 7, munthu amene akufuna kulowa m'bwalomo koma akulowera pa foni ya mwini wake ali kubafa.

Sindikunena izi kuti ndikuchititseni manyazi. Ndikungoti kawerengedwe kameneka kakuimira pa zinthu zimene mukuzidziwa motsimikiza, pamene kawerengedwe koyamba kaja kakuimira pa chinthu chimene mwachifufuza miyezi itatu osachipeza.

Limbani:
Ndamva amayi, koma Zikho 3 anthu ambiri amawerenga kuti munthu wachitatu, si ine ndayambitsa. Ndipo ngati tiziti khadi lililonse loipa likunena za wofunsayo, ndiye kuti makadi sadzachenjezapo munthu za chinyengo chenicheni. Anthu amanyengedwa ndithu, ena mameseji amafufutadi.

Mayi Nasimango:
Pa mfundo yoyambayo mukunena zoona, ambiri amawerenga choncho, makamaka likakhala pafupi ndi Malupanga 3. Ndipo munthu wachitatu alipodi pa nkhaniyi, a Tadala anatiuza okha asanayale n'komwe. Khadi lasonyeza kuti pali mnzake, zimene tonse timadziwa kale. Kuchoka pa "pali mnzake" kufika pa "akugona naye" pali mtunda, ndipo khadilo silinayende mtunda umenewo, tauyenda ndife.

Pa mfundo yachiwiri tisiyana pang'ono. Ine sindinanene kuti mnyamatayo ndi wosalakwa. Sindikudziwa, ndipo makadi asanuwa sangandiuze. Kumutsutsa ndi makadi ndi kumumasula ndi makadi ndi kulakwitsa kumodzi komweko.

Chikondi M.:
Ine ndikuona ngati mtsikanayo ndi amene ali ndi nsanje ndi inu a Tadala. Mfumukazi ya Malupanga ndi mkazi wouma mtima, wakuthwa pakamwa, nthawi zambiri wokhala yekha. Ameneyo ndi iyeyo, akufuna kukulekanitsani. Samalani naye, enawa amaseka nawe kumaso.

Thoko:
A Chikondi, Mfumukaziyo yagwera pa malo a "chimene ndichite". Ingakhale bwanji mtsikanayo? Komanso wa nsanje pano ndi a Tadala, anena okha, ndipo anena kuti mtsikanayo sanawalakwirepo.

Chikondi M.:
Ooh, ndinawerenga mofulumira, ndimayesa malo achisanu ndi a mnzakeyo. Komabe makadi a anthu aja nthawi zambiri amaimira munthu weniweni, ndi mmene ndinaphunzirira.

Thoko:
Amatha kuimira munthu, inde, ndipo ndi chifukwa chake ali oopsa pa nkhani ngati iyi. Ukakhala kuti uli kale ndi nkhope ya munthu m'mutu, mfumukazi iliyonse imene ituluke umaipatsa nkhope imeneyo. Ikatuluka ya Ndodo umati ndi uja wokopa amuna, ya Zikho umati ndi uja amamumvetsa kuposa ine, ya Malupanga umati ndi uja wa mtima woipa. Zinayi zonse zimamugwera. Ine ndinadziikira lamulo loti ndisanatembenuze makadi ndimanena kuti khadi la munthu likatuluka likuimira khalidwe, osati munthu, pokhapokha ngati malowo ndinawalemba dzina la munthu.

Ndikambeko yanga, mwina ithandiza. Zaka zapitazo ndinali pomwe muli a Tadala, kungoti mnzake wa mwamuna wanga anali wa kuntchito. Ndinayala katatu usiku umodzi. Koyamba panatuluka Zikho 2 ndi Dzuwa, ndinati sindinasakanize bwino. Kachiwiri sipanatuluke chomveka. Kachitatu panabwera Malupanga 3, mtima uja wobayidwa, ndipo pamenepo ndinaima, ndinati tsopano makadi anena zoona. M'mawa ndinawauza kuti ndikudziwa zonse. Anandifunsa kuti ndadziwa bwanji. Nditatchula makadi, nkhope yawo inasintha, ndipo anandifunsa funso limene ndinalibe yankho lake: ndingatsutse bwanji khadi? Anati ndikanati wawaona penapake, akanafotokoza. Ndikanati wina wandiuza, akanamuitana. Koma khadi sangaliitane. Tidakali limodzi, koma zinatenga nthawi yaitali kuti ayambirenso kundiuza za anzawo a kuntchito, chifukwa anayamba kubisa ngakhale zinthu zopanda vuto poopa kuti ndikaziyalira makadi. Ndinapanga ndekha chinsinsi chimene ndinkachiopa.

Kondwani:
Ine sindikhulupirira kuti makadi amadziwa za mawa kapena za munthu wina, ndimawakonda pa zithunzi ndi poganizira zinthu, ndiye tengani zanga podziwa zimenezo. Koma nkhani ya a Thoko yoyala katatu ili ndi masamu ake amene ndi bwino kuwadziwa.

Makadi onse ndi 78. Malupanga alipo 14. Mukatola makadi asanu, mwayi woti pakhale lupanga ngakhale limodzi ndi pafupifupi 64 pa 100. Ndiye kuona malupanga sikodabwitsa. Tsopano tengani makadi amene anthu amathamangira kuwatcha achinyengo. Nditchule asanu ndi atatu: Malupanga 3, 5, 7 ndi 10, Zikho 3, Mwezi, Mdyerekezi ndi Nsanja. Mwayi woti limodzi mwa amenewa lipezeke pa makadi asanu ndi pafupifupi 43 pa 100. Mukayala katatu, kusakaniza onse ulendo uliwonse, umakwera kufika pafupifupi 81 pa 100. Kutanthauza kuti munthu amene wachikondi wake ndi wokhulupirika kotheratu, akayala katatu, kawirikawiri adzapeza "umboni".

Limbani:
Koma a Tadala sanapeze limodzi, apeza atatu, ndipo ayala kamodzi.

Kondwani:
Zoona, atatu pa makadi asanu ndi limodzi sizichitika kawirikawiri, sindikana. Koma mndandanda wa makadi okayikitsawo timaukulitsa tikaona zimene zatuluka. Kukanatuluka Zikho 6 wina akanati chikondi chakale chabwerera. Kukanatuluka Okondana wina akanati akusankha pakati pa awiri. Kukanatuluka Wansembe Wamkazi tikanati chinsinsi. Kwa munthu wa nsanje, makadi osakayikitsa amatsala ochepa kwambiri.

Chikondi M.:
Mwati Nsanja kapena nsanje? Ndimayesa pali khadi la nsanje limene sindilidziwa.

Kondwani:
Nsanja, nyumba yaitali ija yowombedwa ndi mphezi, nambala 16. Khadi lotchedwa nsanje palibe.

Mayi Nasimango:
Tibwerere pa Mwezi, chifukwa a Tadala sitinawayankhe pamenepo. Khadi lowonjezera lili ndi ntchito yake, koma limafunika funso lakelake, lonenedwa musanatole. A Tadala, pamene mumatola lachisanu ndi chimodzi lija, munafunsa chiyani?

Tadala:
Sindinafunse kalikonse. Ndinangoona Malupanga 7, manja akunjenjemera, n'kutola lina. Ndikuganiza kuti ndimafuna lindiuze kuti inde kapena ayi.

Mayi Nasimango:
Ndiye Mwezi wakuyankhani moyenera. Pa khadi limenelo pali galu ndi mmbulu akuuwa kuyang'ana kumwamba, kanyama konga nkhanu kakutuluka m'madzi, ndi njira yodutsa pakati pa nsanja ziwiri kupita kumapiri. Kuwala kulipo koma n'kochepa, kokwanira kuona kuti pali chinthu, kosakwanira kudziwa kuti ndi chiyani. Anthu amaliwerenga kuti chinyengo, koma limanenanso za mantha ndi zinthu zimene maso amapanga okha mu mdima. Munthu woyenda usiku amaona chitsa n'kuchiyesa munthu wobisalira. Nthawi zina amakhaladi munthu. Mwezi sukuuza kuti ndi chiti, ukungoti pa kuwala kumeneku sungasiyanitse. Mutafunsa inde kapena ayi, yankho lake ndi lakuti simungadziwe muli pomwe mwaimapo, ndi njira imene mukugwiritsa ntchitoyo.

Tsopano Mfumukazi ya Malupanga, imene a Limbani ati ikudula. Yang'anani manja ake onse awiri. Lamanja lagwira lupanga choimika, silikuloza munthu. Lamanzere latambasuka kutsogolo ngati akuitana wina kuti abwere alankhule. Wakhala pampando, nkhope ili cham'mbali, mutu wake uli pamwamba pa mitambo. Pa malo a chochita ine ndimawerenga kuti nenani zoona momveka, ndipo mverani yankho. Zoona zimene muli nazo m'manja ndi ziti? Kuti mumamva kusiyidwa kunja. Kuti simugona. Kuti mwakhala mukutsegula foni yake. Zimenezo mungathe kuziikira kumbuyo munthu atakufunsani kuti mwadziwa bwanji. Zoti akukunyengani simungathe.

Pali njira imene ndimayesera kawerengedwe kalikonse ka mtundu uwu. Nditamaliza, ndimalemba chiganizo chimodzi pa khadi lililonse, kenako ndimaona mwini wa chiganizocho. Chikayamba ndi "ine", chimatha kunenedwa kwa wachikondi wako. Chikayamba ndi "iye", ndimadzifunsa ngati ndikanachidziwa popanda makadi. Ngati sindikanachidziwa, ndimachifufuta, kapena ndimachisandutsa funso lokamufunsa.

Nyenyezi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndiyenera kulankhula, chifukwa ndikuopa kuti tikumukankhira mtsikanayu ku mbali ina. Ine zinandichitikira mosiyana ndi a Thoko. Ndinali ndi nkhawa ndi mnzake wa chibwenzi changa, ndinapita kwa munthu wowerenga makadi, ndipo anandiuza mokoma mtima kuti zonse zili mwa ine, ndi mabala anga akale, ndidzichiritse. Ndinatha chaka ndikudziimba mlandu. Kumapeto zinadziwika kuti analidi pa chibwenzi. Ndiye mawu oti "khadi likunena za iwe" nawonso amatha kukhala chala choloza, kungoti chaloza wofunsayo.

Mayi Nasimango:
Pepani kwambiri ndi zimene munadutsamo, ndipo mwachita bwino kunena. Wowerengayo anachita chimene ndimakana chija, anagamula mlandu, kungoti anagamula mokomera winayo. Ndikufunseni, pa chaka chimenecho, panali zinthu zimene munkaziona ndi maso?

Nyenyezi:
Zinalipo. Ankanama za kumene ali, kawiri ndinamugwira. Mtsikanayo sankafuna kukumana nane, ndikafika amachoka. Foni ikaitana ankatuluka nayo panja. Ndinazinena zonsezi kwa wowerengayo koma anati ndi mantha anga amene akuzikulitsa.

Mayi Nasimango:
Pamenepo ndiye pali kusiyana. Inu munali ndi mabodza awiri ogwidwa, zinthu zokhala ndi tsiku ndi malo. Zimenezo sizifuna makadi, ndipo palibe khadi limene liyenera kuzifafaniza. Wowerenga wabwino akanati, siyani kaye makadiwa, zimene mwaonazo n'zokwanira kukafunsa. A Tadala atiuza zina: mtsikanayo amawapatsa moni, amakumana onse pamodzi, ndipo miyezi itatu ya mameseji sinaonetse kanthu. Ngati pali zimene sanatiuze, monga bodza limene anagwira, ndiye kuti akalankhule za bodzalo, osati za Malupanga 7.

Nyenyezi:
Ndikuvomereza theka. Chimene sindikugwirizana nacho ndi choti akaulule za foni mawa lomwelo. Akangonena zimenezo, nkhani yonse idzasanduka ya foni. Mnyamatayo adzakwiya, ndipo adzakhala ndi chifukwa, kenako zoti a Tadala amasiyidwa kunja sizidzakambidwanso. Ine ndikanati ayambe ndi zoti amamva kusiyidwa, asiye kutsegula foni kuyambira lero, zoulula zibwere tsiku lina.

Thoko:
Ine ndikuona mosiyana. Akapempha wachikondi wake kuti akhale womasuka naye, iye ali ndi chobisa m'thumba, tsiku limene chidzatuluke chidzawononga kukambirana kwa mawako. Adzati unkandifunsa mafunso amene mayankho ake unawerenga kale.

Kondwani:
Ndipo pali munthu wina amene tamuiwala. Mameseji aja muli nkhani ya matenda a mayi ake a mtsikanayo. Iye anauza mnzake, sanauze a Tadala. Kaya aulula liti, zimenezo asadzazitchule ngati kuti anazimva mwa njira yabwino.

Tadala:
A Kondwani, zimenezo sindinaziganizepo ndipo zandipweteka, chifukwa ndi zoona. Ndinawerenga zinthu zimene munthu analemba akulira, ine ndikufufuza mlandu wake.

Kuyankha a Nyenyezi ndi amayi: bodza sindinagwirepo. Koma pali chinthu chimodzi chenicheni. Mwezi watha tinapangana kuti tikhale limodzi Loweruka, iye anasintha pa tsiku lomwelo chifukwa mnzakeyo amafuna womuperekeza kuchipatala. Anandiuza zoona, sanabise. Ndinayankha kuti palibe vuto, koma vuto linalipo, ndinalira. Aka kanali kachitatu kusintha mapangano athu chifukwa cha iyeyo, ndipo katatu konse ndinati palibe vuto.

Mayi Nasimango:
Ndiye pa malo achitatu paja pali zambiri kuposa foni. Kunena kuti palibe vuto pamene mukulira nakonso ndi kunyamula malupanga mobisa. Iye akuyenda akudziwa kuti zonse zili bwino chifukwa munamuuza choncho katatu. Ndipo apa muli ndi dandaulo lenileni, lokhala ndi masiku ake, limene silifuna kuti wina akhale wachinyengo kuti likhale lomveka. Munthu akhoza kukhala wokhulupirika koma n'kumakuika pambuyo, ndipo uli ndi ufulu wonena.

Mukanandifunsa mawu, ndikanati muyambe motere: "Loweruka lija ndinati palibe vuto, koma sindinanene zoona. Zinandipweteka, ndipo kanali kachitatu. Mukakhala awiri ndimadzimva ngati mlendo." Kenako muime, mumusiye ayankhe. Musatchule makadi ngati mboni. Ngati amadziwa kuti mumawerenga, mukhoza kunena kuti munayala ndipo zinakuthandizani kuona zimene inuyo mukumva, basi.

Za foni, ine ndili mbali ya a Thoko, koma nkhawa ya a Nyenyezi ndi yeniyeni ndipo mnyamatayo mumamudziwa ndinu. Chimene ndingaumirire ndi choti musayalenso za nkhaniyi musanakumane. Jambulani makadi asanu ndi limodziwo mmene alili, lembani tsiku, muwabwezere m'bokosi.

Limbani:
Ine ndikadali ndi chikayiko changa pa mnyamatayo, kusintha mapangano katatu si pang'ono. Koma ndavomera kuti zimenezo zachokera pa zimene a Tadala anena, osati pa Zikho 3. Funso langa kwa amayi: wina akabwera kwa inu n'kunena kuti ndiyalireni ndione ngati akundinyenga, mumakana?

Mayi Nasimango:
Sindimuthamangitsa, koma funso limenelo sindiyalira. Ndimamuuza poyera kuti makadi anga sangalowe m'foni kapena m'mtima mwa munthu amene palibe, ndipo ndikanena kuti angathe ndiye kuti ndikumunamiza. Kenako ndimamufunsa zimene waona. Nthawi zambiri tikamaliza kukambirana zimenezo, funso limakhala litasintha lokha, limakhala lakuti ndikufuna chiyani pa ubwenziwu, kapena ndikuopa chiyani ndikafunsa. Ena amakhumudwa n'kupita kwa wowerenga wina amene angawapatse inde kapena ayi. Owerenga ena amene ndimawalemekeza amaika malo a "maganizo ake a iye" ndipo amati amawathandiza, sindikuti onse ndi olakwa. Ine ndinasiya nditaona kuti khadi la pa malo amenewo ndi lokhalo limene wofunsa amapita nalo kunyumba, ena anayi amawaiwala pakhomo.

Tadala:
Ndabwera kudzanena mmene zinayendera, popeza munandithandiza. Tinakumana. Ndinayamba ndi Loweruka lija monga amayi ananenera. Anadabwa kwambiri, anati ankaganiza kuti sindisamala, moti nthawi zina ankadzifunsa ngati ndimafunadi kukhala naye Loweruka. Anapepesa pa kusintha mapangano, koma anati sangasiye kuthandiza mnzake pa nthawi ya matendayi, ndipo ine sindinamupemphe kutero. Tinagwirizana kuti zikachitikanso andiuze msanga ndipo tisankhe tsiku lina nthawi yomweyo, osangosiya.

Za foni ndinanena, chakumapeto. A Nyenyezi munanena zoona, nkhope inagwa ndipo kukambirana kunathera pomwepo. Anati akufuna masiku angapo. Wasintha pasiwedi, ndipo wanena kuti ayenera kumuuza mnzakeyo kuti nkhani za mayi ake zinawerengedwa ndi munthu wina. Ndinamupempha kuti ndikanene ndekha, sanayankhe. Dzulo anatumiza meseji yofunsa ngati ndadzuka bwino, yokhayo.

Nsanje sinathe. Usiku wathawu ndinagwira bokosi la makadi kawiri, ndimafuna kufunsa ngati abwerera, ndinalibweza. Amayi, ngati ndingayale panopa, ndi funso lotani limene silingandibwezere komwe ndachoka?

Mayi Nasimango:
Dikirani kaye mpaka ayankhe za kukalankhula ndi mtsikanayo, chifukwa chilichonse chimene mungayale lero mudzachiwerenga ngati yankho la "abwerera kodi". Akayankha, tolani makadi awiri okha. Loyamba, ndipite ndi mtima wotani pokapepesa kwa mtsikanayo. Lachiwiri, ndichite chiyani ndi manja anga nthawi imene ndikufuna kutsegula foni ya munthu. Lembani mafunso awiriwo papepala musanasakanize, ndipo lachitatu musatole ngakhale atuluke Malupanga 7 omwewo.

Nyenyezi:
Ine ndikadaganizabe kuti mukanadikira sabata imodzi musanaulule. Koma zachitika. Akakana kuti mukanene nokha kwa mtsikanayo, musakakamize, musamulembere mwamseri. Tiuzeni akayankha.